Mmene mungakonzere msonkhano wa sabata ndi sabata ndi anzanu a kunja osasemphana maola

Lachiwiri lina m'mwezi wa Malichi ndinatsegula laputopu 3 koloko masana monga mwa masiku onse, ndinadina linki ya msonkhano, n'kupeza m'chipindamo muli zii. Ndinadikira mphindi khumi. Kenako pa foni panalowa uthenga wa mnzanga wa m'gulu lathu: "Achemwali, mwatani lero? Takudikirani mpaka tamaliza." Msonkhano unali utayamba 2 koloko. Palibe amene anausuntha, palibenso amene analakwitsa kuwerenga. Amene anaukonza amakhala ku New York, ndipo Lamulungu lapitalo mawotchi a kwawo anali atapita kutsogolo ndi ola limodzi. Kwa iye msonkhano unachitika 8 koloko m'mawa monga kale. Ine ndinali nditalemba m'kabuku kanga kuti "Lachiwiri lililonse, 15:00", ndipo kabuku sikadziwa zoti kwina mawotchi amasuntha.

Msonkhano wa tsiku limodzi suvuta kwenikweni, mumangowerengera kamodzi basi. Umene umagwetsa anthu ndi wobwerezabwereza, chifukwa kusiyana kwa maola pakati pa mizinda iwiri sikukhala chimodzimodzi chaka chonse. Ndiye tiyeni tiukonze limodzi msonkhano woterowo, wa anthu anayi: ine amene ndili m'chigawo cha nthawi ya pakati pa Afirika, wina ali ku London, wina ku New York, wina ku Delhi. Tikufuna ola limodzi Lachiwiri lililonse m'chaka cha 2026.

Funsani mzinda, osati dziko, ndipo funsani maola enieni

Safunsa anadya phula. Musanatsegule kalendala, lemberani aliyense mafunso atatu: muli mumzinda uti, mumayamba ndi kuweruka nthawi yanji, nanga ndi nthawi iti imene simungathe ngakhale zitavuta bwanji?

Mzinda ndi wofunika chifukwa dzina la dziko silikwanira. Munthu akati "ndili ku Amereka" sanakuuzeni kanthu, pakuti New York ndi Los Angeles zimasiyana ndi maola atatu. Ku Australia, Sydney amasuntha mawotchi koma Brisbane sasuntha, choncho miyezi ina mizinda iwiriyi imakhala pa ola limodzimodzi ndipo miyezi ina imasiyana. Mbali ina, Tchaina ndi dziko lalikulu zedi koma boma limayendera wotchi imodzi dziko lonse.

Funso lachitatu lija ndi limene anthu amalidumpha, koma ndi limene limakupatsani malire enieni. M'gulu lathuli, wa ku New York amayamba 09:00 n'kuweruka 17:00, koma wati angathe kulowa 08:00, osapitirira apo, chifukwa nthawi isanakwane imeneyo amakhala akuperekeza ana kusukulu. Wa ku Delhi amagwira ntchito 09:30 mpaka 18:00, ndipo wati atha kupirira mpaka 19:30 ngati palibe njira ina. Wa ku London ndi 09:00 mpaka 17:00. Ine ndi 08:00 mpaka 17:00. Funsaninso masiku. Ku Saudi Arabia ndi ku Iguputo anthu amapuma Lachisanu ndi Loweruka, Lamulungu n'kukhala tsiku la ntchito, ndiye ngati m'gulu muli wa kumeneko msonkhano wa Lachisanu wafa kale musanayambe n'kuwerenga komwe.

Bweretsani maola onse pa wotchi imodzi

Cholakwa chofala n'kuyerekeza mizinda iwiriiwiri: ine ndi London timasiyana chakuti, London ndi New York chakuti, New York ndi Delhi chakuti. Anthu akafika anayi mutu umaima. Njira yabwino n'kusandutsa maola a aliyense kukhala a wotchi imodzi yotchedwa UTC. Imeneyi ndi wotchi imene dziko lonse limayezerapo nthawi, ndipo ubwino wake ndi woti sisuntha, kaya kuzizire kaya kutenthe. Malo aliwonse ali ndi nambala yosonyeza kuti ali patsogolo kapena pambuyo pa UTC ndi maola angati. Popeza dziko limazungulira cha kum'mawa, a kum'mawa ndi amene amayamba kuliona dzuwa, choncho amakhala patsogolo ndipo nambala yawo imakhala ndi chizindikiro chophatikiza. A kumadzulo amakhala pambuyo, nambala yawo ili ndi chizindikiro chochotsera.

M'mwezi wa Febuluwale nambala zathu zili motere. Nthawi ya pakati pa Afirika, imene pa kompyuta imalembedwa CAT, ndi UTC+2. London ndi UTC+0, kutanthauza kuti ali ndendende pa UTC. New York ndi UTC-5. Delhi ndi UTC+5:30, ndipo theka la ola limeneli musaliiwale, chifukwa Indiya yense amayendera nambala imeneyi. Nepal ndiye ali pa UTC+5:45.

Kuti muchoke pa nthawi ya munthu kupita pa UTC mumachita chosemphana ndi chizindikirocho. Amene ali patsogolo mumamuchotsera, amene ali pambuyo mumamuwonjezera. Tsiku langa la 08:00 mpaka 17:00, ndikachotsa maola awiri, likukhala 06:00 mpaka 15:00 UTC. La ku London likukhala momwemo, 09:00 mpaka 17:00. La ku New York, ndikawonjezera maola asanu, likukhala 14:00 mpaka 22:00. La ku Delhi, ndikachotsa maola asanu ndi theka, likukhala 04:00 mpaka 12:30.

Tsopano yang'anani manambala awiri okha: amene amayamba mochedwa kuposa onse, ndi amene amaweruka msanga kuposa onse. Woyamba mochedwa ndi wa ku New York, 14:00 UTC. Woweruka msanga ndi wa ku Delhi, 12:30 UTC. Woweruka akanakhala kuti amaweruka mnzakeyo atayamba kale, mpata wa pakati pawo ukanakhala nthawi yathu ya msonkhano. Apa zasemphana. Wa ku Delhi amatseka kompyuta kutatsala ola ndi theka kuti wa ku New York atsegule yake. Palibe ola ngakhale limodzi limene tonse anayi tili pa ntchito, ndipo palibe pulogalamu imene ingalipeze ola loti kulibe.

Apa ndi pamene funso lachitatu lija likugwira ntchito. Wa ku New York angathe 08:00, amene ndi 13:00 UTC. Wa ku Delhi angathe mpaka 19:30, amene ndi 14:00 UTC. Mpata wapezeka, wa ola limodzi ndendende: 13:00 mpaka 14:00 UTC. Pobwerera ku mawotchi a anthu mumatsatira chizindikiro mmene chilili. Kwa ine ndi 15:00, ku London 13:00, ku New York 08:00, ku Delhi 18:30.

Onani kuti ine ndi wa ku London sitikuvutika chilichonse, mtolo wonse ausenza ndi awiri a kumapeto. Zimenezi muzinene poyera pa msonkhano woyamba, ndipo msonkhanowo uzitha pa nthawi yake. Mphindi khumi ndi zisanu zongowonjezera, kwa ine n'zochepa, koma kwa wa ku Delhi zikutanthauza kufika kunyumba ana atagona. Nkhani zimene zikumukhudza iye ziziyamba, kuti ngati zinthu zatalika athe kutsanzika.

Yesani ola lomwelo m'miyezi ina

Pano ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ndinagwera.

Mayiko ambiri a ku Ulaya ndi kumpoto kwa Amereka amapititsa mawotchi awo kutsogolo ndi ola limodzi m'nyengo yawo yotentha, kuti madzulo kuzichedwa kuda, kenako amawabweza nyengo yozizira ikamayandikira. Pa kompyuta mudzaona mawu akuti Daylight Saving Time. Mayiko ambiri a mu Afirika sachita zimenezi, Indiya, Tchaina ndi Japan sachitanso. Ndiye pagulu ngati lathuli awiri amasuntha, awiri sasuntha. Chovuta kwambiri n'choti osunthawo sasunthira tsiku limodzi.

Ku New York, ndi mbali yaikulu ya Amereka ndi Canada, mawotchi amapita kutsogolo Lamulungu lachiwiri la Malichi n'kubwerera Lamulungu loyamba la Novembala. Ku London ndi m'mayiko a mgwirizano wa Ulaya amapita kutsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi n'kubwerera Lamulungu lomaliza la Okutobala. Mu 2026 zimenezi zikutanthauza kuti New York akusuntha pa 8 Malichi pomwe London akudikira mpaka pa 29 Malichi. Kwa masabata atatu amenewa mizinda iwiriyi ikusiyana ndi maola anayi m'malo mwa asanu amene anthu anawazolowera. Kumapeto kwa chaka London akubwerera pa 25 Okutobala, New York pa 1 Novembala, ndiye pali sabata inanso imodzi yosokonekera. Mu 2027 masiku a Malichi adzakhala 14 ndi 28, masabata awiri. Musaloweze madeti, lowezani lamulo la Malamulungu, n'kumayang'ana pa kalendala ya chaka chimenecho.

Mawotchi akasuntha, New York amachoka pa UTC-5 kupita pa UTC-4, London amachoka pa UTC+0 kupita pa UTC+1. Ine ndi wa ku Delhi tili pomwe tinali. Ndiye funso limene wokonza msonkhano aliyense ayenera kuliyankha, ngakhale ambiri sadziwa n'komwe kuti akuliyankha, ndi ili: msonkhanowu taumangirira pa wotchi ya ndani? Pulogalamu ya kalendala imasunga msonkhano wobwerezabwereza pa wotchi ya chigawo chimodzi. Kwa anthu a m'chigawo chimenecho ola silisintha chaka chonse, ena onse ndi amene amaona msonkhano ukusuntha. Mukapanda kusankha nokha, pulogalamu imangotenga wotchi ya amene wakonzayo.

Tiyeni tione njira ziwiri. Tikaumangirira pa wotchi yanga, 15:00, msonkhano ukhala pa 13:00 UTC chaka chonse. Ine ndi wa ku Delhi sitiona kusintha kulikonse. Wa ku New York kuyambira pa 10 Malichi aziupeza 09:00, nthawi yake yabwino. Wa ku London kuyambira pa 31 Malichi aziupeza 14:00, palibe vuto. Koma wa ku Delhi akhalabe pa 18:30 mpaka 19:30 Lachiwiri lililonse chaka chathunthu.

Tikaumangirira pa wotchi ya ku New York, 08:00, zikhala chonchi:

| Lachiwiri | UTC | New York | London | CAT | Delhi |
|---|---|---|---|---|---|
| 3 Malichi | 13:00 | 08:00 | 13:00 | 15:00 | 18:30 |
| 10, 17, 24 Malichi | 12:00 | 08:00 | 12:00 | 14:00 | 17:30 |
| 31 Malichi mpaka 20 Okutobala | 12:00 | 08:00 | 13:00 | 14:00 | 17:30 |
| 27 Okutobala | 12:00 | 08:00 | 12:00 | 14:00 | 17:30 |
| 3 Novembala | 13:00 | 08:00 | 13:00 | 15:00 | 18:30 |

Ine ndingasankhe njira yachiwiriyi, ngakhale ndi yomwe inandiphonyetsa msonkhano tsiku lija. Chifukwa chake n'choti imapatsa wa ku Delhi pafupifupi miyezi isanu ndi itatu yoyamba 17:30 n'kumaliza 18:30, theka la ola lokha kupitirira nthawi yake yoweruka, pomwe wa ku New York akukhalabe pa ola limene anavomera. Kudzuka n'kulowa msonkhano 08:00 n'kopepuka poyerekeza ndi kukhala muofesi mpaka 19:30. Chimene chinalakwika tsiku lija si wotchi imene tinasankha ayi, koma choti panalibe amene anadziwa kuti tasankha, ndiye panalibenso wochenjeza anzake. Ngati m'gulu mwanu ambiri ali m'mayiko osasuntha mawotchi ndipo wa kunjayo ndi mmodzi yekha, njira yoyamba ndiyo yabwino, bola mwaona kuti iyeyo sizimupweteka.

Msampha woopsa kwambiri uli pa msonkhano umene wakonzedwa pakati pa chaka. Tiyerekeze kuti gulu lomweli layamba ntchito mu Juni. Ndawerengera bwinobwino n'kupeza 14:00 nthawi yanga, 08:00 ku New York, 17:30 ku Delhi, aliyense wakondwa, ndipo ndaukonza pa kalendala yanga osaganizira za wotchi. Pa 3 Novembala msonkhano womwewo udzagwera 07:00 ku New York, nthawi imene mnzathu uja ananeneratu kuti sangathe. N'chifukwa chake ola lililonse limene mwapeza muziliyesa kanayi musanatumize: tsiku lina la mu Januwale, lina la mu Julayi, lina la pakati pa Malichi, ndi lina la sabata yomaliza ya Okutobala. Pa webusaiti ya timeanddate.com pali chida chotchedwa Meeting Planner chimene mumalembamo mizinda ndi deti n'kukuonetsani maola onse pamzere umodzi. Chigwiritseni ntchito, koma muzisintha detilo nokha, chifukwa chikangotseguka chimakuonetsani za masiku omwe ano.

Kuuika pa kalendala

Mu Google Calendar, tsegulani msonkhano watsopano n'kudina `More options`. Pafupi ndi pamene palembedwa maola pali mawu akuti `Time zone`. Dinani pamenepo, sankhani New York, kenako lembani 08:00 mpaka 09:00. Pamene palembedwa `Does not repeat` sankhani `Weekly on Tuesday`. Mu Outlook, pa tsamba lokonzera msonkhano pali batani la `Time zones` limene limatulutsa kabokosi kosankhira chigawo pambali pa ola, ndipo pamenepo mumasankha `(UTC-05:00) Eastern Time (US & Canada)`. Nambala ya m'dzinali isakusokonezeni. Pa Windows imakhalabe `UTC-05:00` ngakhale mu Julayi, koma kompyuta imadziwa yokha kusuntha ola nthawi yake ikakwana.

Posankha chigawo, tsatirani dzina la mzinda, osati nambala yokha. Zigawo ziwiri zitha kukhala ndi nambala yofanana mu Januwale n'kusiyana mu Epulo. Wa ku London akasankha `(UTC+00:00) Monrovia, Reykjavik` poona kuti nambala ikufanana ndi ya kwawo, wotchi yake sidzasuntha pa 29 Malichi. Wa m'chigawo cha CAT ayenera kusankha `(UTC+02:00) Harare, Pretoria`. Akasankha `(UTC+02:00) Athens, Bucharest`, zonse zidzaoneka bwino mpaka kumapeto kwa Malichi, pamene kompyuta yake idzalumphe ola yokha potsatira Ulaya.

Mukatero ikani maimelo a anthu onse kuti uthenga woitanira ufike pa kalendala ya aliyense, ndipo muwauze kuti auvomere podina, asakopere ola pamanja. Msonkhano wovomeredwa umasuntha wokha pa kalendala ya munthu mawotchi akasintha. Wokopera pamanja, kaya m'kabuku kaya pa alamu ya foni, umakhala pomwepo. Kalendala yanga tsiku lija inkasonyeza 14:00 molondola, koma ine ndinali nditasiya kuiyang'ana chifukwa ndinkakhulupirira zimene ndinalemba ndekha.

Chinthu china chothandiza n'kuonetsa wotchi yachiwiri pambali pa kalendala yanu. Mu Google Calendar chili mu `Settings`, pa `Time zone`, pamene palembedwa `Display secondary time zone`. Ikanipo mzinda wa munthu amene ali ndi malire othina kwambiri, kuti nthawi iliyonse mukamasuntha msonkhano muzionera limodzi kuti kwa iye ikhala nthawi yanji.

Zolemba mu uthenga woitanira

Ngakhale kalendala imawerengera yokha, lembaninso maola m'mawu a uthengawo, chifukwa ena adzauwerenga pa foni ali m'njira ndipo ena adzautumiza kwa anzawo. Wanga ndimaulemba chonchi:

Msonkhano wa gulu, Lachiwiri lililonse, ola limodzi. Wamangiriridwa pa 08:00 nthawi ya ku New York. Woyamba: Lachiwiri, 3 Malichi 2026, 13:00 UTC, kutanthauza New York 08:00, London 13:00, CAT 15:00, Delhi 18:30. Kuyambira pa 10 Malichi udzakhala London 12:00, CAT 14:00, Delhi 17:30. Kuyambira pa 31 Malichi London adzabwerera pa 13:00.

Muli zinthu zingapo m'menemu zimene ndachita dala. Maola ndalemba a 24, chifukwa "12 koloko" kapena "7 koloko" amasiya funso loti m'mawa kapena madzulo, ndipo pa msonkhano wa mayiko angapo zonse ziwiri n'zotheka. Mwezi ndaulemba m'mawu. Mukalemba 03/04/2026, wa ku London awerenga kuti 3 Epulo, wa ku New York awerenga kuti 4 Malichi. Ndaikanso dzina la tsiku pambali pa deti kuti chimodzi chikalakwika chinacho chiulule. Mawu akuti "mawa" ndi "madzulo ano" ndimawapewa kotheratu, pakuti uthenga umene mwalemba usiku wina amauwerenga kwake kutacha kale. Ngati mukulankhula pakamwa ndi mnzanu wolankhula Chiswahili, tsimikizaninso polemba manambala, chifukwa m'chiyankhulo chimenecho maola amawerengedwa kuyambira m'mawa, moti "saa moja" ndi 7 koloko.

Zilembo zofupikitsa mayina a nthawi muzisamala nazo. CST ikhoza kutanthauza nthawi ya pakati pa Amereka, UTC-6, kapena ya ku Tchaina, UTC+8, zosiyana ndi maola khumi ndi anayi. IST ndi ya ku Indiya, komanso ya ku Israeli, komanso ya ku Ireland. CAT ndi CET zimasiyana chilembo chimodzi chokha, koma CET ndi ya pakati pa Ulaya, UTC+1. Ndipo anthu ambiri a ku London amalemba GMT chaka chonse, a ku New York amalemba EST chaka chonse, pomwe m'nyengo yotentha mawotchi awo amakhala pa BST ndi EDT. Wina akakulemberani mu Juni kuti "10:00 GMT", musawerengere msanga. Mufunseni kuti, "Mukutanthauza 10 koloko ya pa wotchi yanu ku London?" Kawirikawiri yankho limakhala inde, ndipo imeneyo ndi 09:00 UTC, osati 10:00.

Pomaliza pa gawoli, dziikireni nokha zikumbutso zinayi pa kalendala, Lachinayi la sabata imene mawotchi akusintha: mu 2026 ndi pa 5 Malichi, 26 Malichi, 22 Okutobala ndi 29 Okutobala. Tsiku limenelo tumizani mzere umodzi kwa gulu lonse wonena maola a Lachiwiri likubweralo mzinda ndi mzinda.

Akabwera wachisanu wa kutali kwambiri

Tiyerekeze kuti gulu lalandira munthu wa ku Sydney. M'mwezi wa Febuluwale iye ali pa UTC+11, ndiye 13:00 UTC yathu ija kwa iye ndi 00:00, pakati pa usiku, ndipo tsiku lasintha kale kukhala Lachitatu. Kumeneko nyengo zimayenda mosemphana ndi za ku Ulaya, choncho mawotchi awo amapita kutsogolo Lamulungu loyamba la Okutobala n'kubwerera Lamulungu loyamba la Epulo. N'chifukwa chake Sydney ndi London amasiyana maola 11 mu Januwale koma 9 mu Julayi.

Munthu wotere musamukakamize kulowa msonkhano umenewu, ngakhale atanena mwaulemu kuti palibe vuto. Wolowa kumene pa ntchito amavomera chilichonse, kenako pakapita miyezi iwiri mumangoona kamera yozimitsa ndi munthu wosayankhula. Gawani msonkhano pawiri. Wachiwiri uikeni 06:00 UTC, imene mu Febuluwale ndi 17:00 ku Sydney, 11:30 ku Delhi ndi 08:00 kwa ine. Ine ndilowa yonse iwiri n'kumanyamula nkhani kuchokera uku kupita uko, ndipo wa ku Delhi apumako ku msonkhano wa madzulo uja masabata ena. Zogwirizana zonse zilembedwe pamalo amodzi tsiku lomwelo, ndipo chigamulo chachikulu chisatsekedwe mpaka patapita maola 24, kuti amene anali m'tulo apeze mpata woyankhapo. Ngati pakufunika kuti onse asanu akumane, zichitike mwa apo ndi apo, ndipo ola lowawalo lizizungulira, lero kwa uyu, ulendo wina kwa winayo.

Zikasokonekera, kukula kwa kusemphanako kumakuuzani chifukwa

Wina akafika pa nthawi yolakwika, musayambe ndi kufunsa kuti walakwa ndani. Funsani kuti wasemphana ndi maola angati. Ngati ndi ola limodzi ndendende ndipo tili mu Malichi, kumayambiriro kwa Epulo, mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, ndi mawotchi amene asuntha, ndipo munthuyo mwina anakopera ola pamanja. Ngati ndi theka la ola, wina waiwala mphindi 30 za ku Indiya. Ngati kusemphanako kuli kowirikiza kawiri kusiyana kwa maola anu, mwachitsanzo maola anayi pakati pa ine ndi London mu Febuluwale pomwe timasiyana awiri, ndiye kuti wina wawonjezera pamene amayenera kuchotsa. Ngati ndi tsiku lathunthu, yang'anani ngati kwa munthuyo msonkhano sukudutsa pakati pa usiku. Ngati ndi masabata angapo, ndi deti lolembedwa m'manambala okha lija.

Pali mtundu wina umene umavuta kuuzindikira. Munthu mmodzi amapezeka kuti misonkhano yake yonse yapendekeka ndi ola limodzi kapena awiri, pomwe wotchi ya pa kompyuta yake ikusonyeza nthawi yolondola. Kawirikawiri chimachitika n'choti chigawo cha nthawi pa kompyutayo n'cholakwika, ndipo mwiniwake ataona kuti wotchi ikunama anangokonza manambala pamanja osakonza chigawocho. Wotchi imaoneka bwino, koma kompyuta imaganiza kuti ili dziko lina, ndiye msonkhano uliwonse wochokera kwa ena imauwerengera molakwika. Mankhwala ake n'kukonza chigawo choyamba, kenako n'kulola kompyuta kuti izitenga nthawi yokha pa intaneti. Yang'ananinso mkati mwa pulogalamu ya kalendala, chifukwa Google Calendar ndi Outlook ya pa intaneti zimasunga chigawo chawochawo chimene chingasiyane ndi cha kompyuta. Zimenezi zimagwira kwambiri anthu amene angobwera kumene kuulendo: foni imasintha yokha ndege ikatera, koma laputopu imatsalira kumene achokera.

Maboma nawonso amasintha malamulo a mawotchi. Brazil anasiya kusuntha mawotchi mu 2019, mbali yaikulu ya Mexico inasiya mu 2022, pomwe Iguputo anayambiranso mu 2023. Foni kapena kompyuta imene yakhala nthawi yaitali osalandira zokonza zatsopano imatsatirabe lamulo lakale, ndipo imalakwitsa molimba mtima. Ngati m'gulu muli munthu wa dziko limene langosintha lamulo lake, musadalire makina okha sabata imeneyo. Lolemba mutumizireni uthenga womufunsa kuti pa wotchi ya pakhoma kwawo ili nthawi yanji pompano, yerekezani ndi yanu, ndipo ola la mawa muliwerengere kuchokera pa yankho lakelo.